Sitetimenti ya kubanki yabwera ngati PDF: mmene mungaisandutsire CSV osataya ngakhale tambala

Kuno kwa Chimaliro, magulu amene ali ndi akaunti kubanki achuluka: makalabu a alimi a tiyi, magulu a tomato a pa Goliati, makopaletivi a mkaka, ngakhale timabizinesi ta achinyamata togulitsa zinthu kwa ophunzira a ku MUST ku Ndata. Nthawi zambiri ntchito yolemba mabuku a ndalama amaiponyera wachinyamata amene ali ndi laputopu, poti "inuyo ndi amene mumadziwa za makompyuta." Ndiye mwezi ukatha, banki imatumiza sitetimenti ya PDF, pomwe pulogalamu yowerengera ndalama, kaya ndi QuickBooks, Xero kapena Sage, ikufuna fayilo ya CSV. Apa ndi pamene anthu amataya tsiku lathunthu, ena mpaka kukayikiridwa kuti adya ndalama za gulu pomwe vuto linali mzere umodzi womwe unasowa posandutsa.

Kusandutsa kwenikweniko kumatenga mphindi zisanu. Ntchito yaikulu ndi yotsimikiza kuti zomwe zatulukazo ndi zomwedi zili pa sitetimenti, ndipo chida chotsimikizira banki inakupatsani kale, chili pa sitetimenti pomwepo. Tifikapo.

Choyamba, bwanji PDF imavuta chonchi? Mukaiyang'ana mumaona tebulo laukhondo, masiku uku, ndalama uko. Koma mkati mwa fayiloyo nthawi zambiri mulibe tebulo. PDF inapangidwa kuti tsamba lizioneka chimodzimodzi paliponse, ndiye chomwe imasunga ndi malangizo akuti mawu awa akhale pamalo akuti, nambala iyi ikhale pamalo akuti. Siidziwa kuti 185,000.00 ndi ndalama yotuluka. Amadziwa ndi maso anu, chifukwa nambalayo yakhala pansi pa mutu wakuti Debit. Pulogalamu iliyonse yosandutsa imangoyerekeza poona mipata ya pakati pa mawu, ndipo poyerekezapo imaphonya.

CSV ndiye mbali inayo. Ndi malemba wamba, opanda mtundu, opanda mizere yokongoletsa. Mzere uliwonse ndi ndalama imodzi yolowa kapena yotuluka, ndipo zigawo za mzerewo zimalekanitsidwa ndi chizindikiro chija tinaphunzira ku pulayimale kuti mpatuliro. Sungani mfundo imeneyi, chifukwa ndalama zathu za kwacha nazo timazilemba ndi mpatuliro, ndipo pamenepo pali msampha.

Musanavutike, lowani kaye pa intaneti ya banki yanu pa laputopu, pomwe mumadawuniloda sitetimenti, muone ngati pali posankha mtundu wa fayilo. Ngati pali CSV kapena Excel, tengani imeneyo, theka la ntchito latha. Ngati palibe, funsani kunthambi ngati angakutumizireni ya Excel. Zikakanika zonsezi ndi pamene tikulowa m'munsimu.

Kodi PDF yanu ndi ya malemba kapena ndi chithunzi?

Tsegulani PDF ija, muyese kusankha nambala imodzi ndi mausi ngati mukufuna kuikopa. Ikaderako mtundu nambala yokhayo, fayiloyo ili ndi malemba enieni, zili bho. Ikakana, kapena likasankhika tsamba lonse ngati chinthu chimodzi, ndiye kuti ndi chithunzi: wina anapulinta sitetimenti kubanki, n'kuijambula pafoni kapena kuisikana, n'kukutumizirani pa WhatsApp. Chithunzi chimafuna pulogalamu yowerenga zilembo, imene amaitchula kuti OCR, ndipo imeneyo imasokoneza 3 ndi 8, 1 ndi 7, makamaka pomwe chidindo cha banki chadutsa pa manambala. Ine maganizo anga ndi akuti ngati chithunzicho chili ndi mizere yosapitirira 40, ingolembani pamanja mu Excel, mumaliza msanga kusiyana n'kusaka zolakwika za OCR. Ngati mizere ndi yambiri, bwererani kwa amene amasayinira akauntiyo akakupezereni PDF yeniyeni yochokera kubanki.

Za mawebusayiti aulere osandutsa PDF, amene amatuluka pamwamba mukasaka pa Google, ndingonena pang'ono. Sitetimenti ya kalabu imakhala ndi nambala ya akaunti, mayina a mamembala, nthawi zina manambala awo a foni ndi ndalama zomwe aliyense walandira. Mukaikweza pa webusayiti yomwe simukudziwa mwini wake, mwapereka zonsezo kwa mlendo. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza uthenga wa anthu la 2024, komanso ngakhale popanda lamulo, m'dziko lomwe akuba a pafoni amaimbira anthu akudziwa kale dzina ndi ndalama zomwe akuyembekezera, musawafewetsere ntchito.

Njira ziwiri zimagwira ntchito pa laputopu yanu pomwepo, fayilo osatuluka kunja. Ngati muli ndi Excel ya Microsoft 365 pa Windows, pitani pa Data, kenako Get Data, From File, From PDF. Ikuonetsani matebulo omwe yapeza patsamba lililonse, inu n'kusankha. Ma Excel akale aja, a 2013 kapena 2016, omwe ali m'malaputopu ambiri a kaunjika, alibe zimenezi. Pamenepo gwiritsani ntchito Tabula, pulogalamu yaulere yomwe atolankhani amaikonda potulutsa matebulo m'malipoti. Imafuna Java, ndipo ngakhale imatseguka mu bulawuza, ikugwira ntchito pa kompyuta yanu, sidya bandulo. Mumajambula bokosi kuzungulira tebulo patsamba lililonse, kusiya kunja chizindikiro cha banki ndi adiresi, n'kudina Preview & Export Extracted Data. Ili ndi njira ziwiri zowerengera: Lattice imatsata mizere yojambulidwa ya tebulo, Stream imatsata mipata. Ngati sitetimenti yanu ilibe mizere yolekanitsa makolamu, sankhani Stream. Zikatuluka zosokonekera, yesani inayo musanayambe kukonza pamanja.

Chitsanzo: kalabu ya alimi a tiyi, mwezi wa Malichi

Tiyerekeze kalabu ya alimi ang'onoang'ono yomwe imagulitsa masamba a tiyi ku fakitale ya esiteti ina, ndalama n'kulowa mu akaunti ya gulu. Manambala onsewa ndi ongoyerekeza, kuphatikizapo ndalama zomwe banki ikudula. Sitetimenti ndi ya masamba awiri, ndipo tikaisandutsa n'kuitsegula ikuoneka chonchi:

```
Date        Description         Debit         Credit        Balance
            OPENING BALANCE                                 1,250,000.00
03/03/2025  GREEN LEAF PAYMENT                2,480,500.00  3,730,500.00
            FEB
05/03/2025  CASH WITHDRAWAL     1,900,000.00                1,830,500.00
05/03/2025  WITHDRAWAL FEE      3,500.00                    1,827,000.00
11/03/2025  TRANSFER, LORRY     185,000.00                  1,642,000.00
14/03/2025  MEMBER DEPOSITS     96,000.00                   1,738,000.00
21/03/2025  FERTILISER          640,000.00                  1,098,000.00
            BALANCE B/F                       1,098,000.00
28/03/2025  TRANSFER, LORRY     185,000.00                  913,000.00
31/03/2025  LEDGER FEE          6,200.00                    906,800.00
```

Pongoyang'ana, zikuoneka zabwinobwino eti? Muli zolakwika zitatu. Ziwiri zimaoneka ndi maso, chachitatu chimabisala.

Choyamba ndi kamzere kali ndi mawu oti FEB okha. Pa PDF kufotokoza kunatalika n'kutsikira mzere wachiwiri, ndiye pulogalamu yayesa kuti ndi mzere watsopano. Mzere wopanda tsiku komanso wopanda ndalama umachititsa pulogalamu yowerengera ndalama kukana fayilo yonse kapena kudandaula. Tengani mawuwo muwaphatikize kumtunda kwake, kamzereko mufufute. Musangofufuta osaphatikiza, chifukwa m'timizere totsalira timeneti ndi mmene mumakhala nambala ya risiti kapena dzina la wotumiza ndalama, zomwe mudzazifune tsiku lomwe membala adzati "ine ndinalipira." Kuti muzipeze zonse msanga pa sitetimenti yaitali, ikani Filter pa kolamu ya Date musankhe Blanks.

Fyuluta yomweyo ikuonetsani cholakwika chachiwiri, mzere wa BALANCE B/F. Imeneyo si ndalama yolowa. Ndi banki ikungokumbutsa pamwamba pa tsamba lachiwiri kuti tsamba loyamba linathera pa K1,098,000. Mukaisiya, mabuku anu aonetsa kuti kalabu inalandira ndalama yoposa miliyoni yomwe kulibe, ndipo pa msonkhano wa pachaka anthu adzafunsa kuti ili kuti. Fufutani, pamodzi ndi mitu ya makolamu yomwe imabwerezedwa patsamba lililonse, manambala a masamba, ndi mizere ya zophatikiza ya kumapeto. Wa OPENING BALANCE wokha usiyeni kaye, tiugwiritsa ntchito.

Tsopano chida chija. Kolamu ya Balance si yokongoletsa. Banki ikukuuzani ndalama zomwe zinatsala pambuyo pa mzere uliwonse, kutanthauza kuti mzere uliwonse uli ndi mboni yake. Balansi ya mzere wapamwamba, kuphatikiza ndalama ya mzere uno, iyenera kufanana ndi balansi ya mzere uno. Tikakonza ziwiri zija, mitu ili pa mzere 1, balansi yoyambira pa mzere 2, ndalama zikuyambira mzere 3 mpaka 10, ndipo makolamu ndi A mpaka E. Onjezani makolamu awiri. Mu F, womwe tiutche Amount, ndalama yolowa ikhale yopanda chizindikiro, yotuluka ikhale ndi mayinasi. Mu G ndi moyesera. Lembani mafomula awa pa mzere 3, mukokere pansi:

```
F3:  =D3-C3
G3:  =ROUND(E2+F3-E3,2)
```

Kolamu G iyenera kukhala maziro okhaokha kuyambira pamwamba mpaka pansi. ROUND yaikidwapo chifukwa kompyuta powerengera matambala nthawi zina imasiya kachidutswa kakang'ono zedi komwe kangakunamizeni kuti pali vuto.

Pa chitsanzo chathu, mizere yonse ikupereka 0 kupatula mzere 7, wa pa 14 Malichi, womwe ukupereka -192000. Nambala imeneyi sikupezeka paliponse pa sitetimenti, ndiye munthu amayamba kusokonezeka. Igaweni pawiri: 96,000. Ndi zopereka za mamembala zija. Pa PDF zinali pansi pa Credit, koma poti kabokosi ka Debit kanali kopanda kanthu, posandutsa nambalayo inatsetserekera kumanzere n'kukhala ngati ndalama yotuluka. Kuchotsa 96,000 pomwe umayenera kuwonjezera 96,000 kumasiyanitsa ndi 192,000. Yang'anani balansi: yakwera kuchoka pa 1,642,000 kufika pa 1,738,000, ndiye ndalamayo inalowa. Isunthireni ku D, ziro abwera.

Kusiyana kulikonse kumanena komwe kwachokera, ukadziwa kuwerenga kwake. Kukakhala kowirikiza kawiri ndalama ya pa mzerewo, ndalamayo yakhala mbali yolakwika, ngati mmene taoneramu. Kukakhala nambala yomwe sikugwirizana ndi mzerewo, kawirikawiri pamwamba pake pasowa mzere. Mwachitsanzo, bokosi lanu la mu Tabula likanadumpha mzere wa WITHDRAWAL FEE, mzere wa lole wa pa 11 Malichi ukanapereka 3500, chifukwa ukanayamba kuwerengera pa 1,830,500 m'malo mwa 1,827,000. Mzere wolakwa si umenewo, ndi womwe kulibewo, ndipo nthawi zambiri umakhala womaliza pansi pa tsamba kapena woyamba pamwamba pa tsamba lotsatira. Ngati munalemba pamanja ndipo kusiyanako kukugawika ndendende ndi 9, kayikirani manambala osinthana malo: 185,000 kulembedwa 158,000 kumasiyana ndi 27,000. Kameneka ndi kanzeru kakale ka akalaliki a m'maofesi a esiteti, a nthawi ya mabuku akuluakulu aja, ndipo kakugwirabe ntchito.

Maziro akakwanira, yesani komaliza mwezi wonse. Zolowa ndi 2,480,500 ndi 96,000, pamodzi 2,576,500. Zotuluka zonse ndi 2,919,700. Ndiye 1,250,000 kuwonjezera 2,576,500 kuchotsa 2,919,700 ikutsala 906,800, yomwe ndi balansi yotsekera. Koma nambala yotsekerayo muiwerenge pa PDF penipeni, osati pa fayilo yomwe mwasandutsa, chifukwa ngati tsamba lomaliza lonse linatsala, kolamu G ikhala maziro bwinobwino, inu n'kumasangalala pomwe mwezi mwaudula mchira.

Pali masitetimenti ena oyamba ndi tsiku laposachedwa kutsikira ku lakale. Amenewo atembenuzeni kaye, koma osati posanja ndi tsiku, chifukwa mizere ya tsiku limodzi isokonekera. Ikani manambala 1, 2, 3 m'kolamu yapadera, musanje kuyambira yaikulu kutsika. Ena amaonetsa balansi kamodzi patsiku, pa mzere womaliza wa tsikulo. Pamenepo mumayesa tsiku ndi tsiku m'malo mwa mzere ndi mzere, mfundo yake ndi yomweyo.

Fomula ikakupatsani #VALUE! musakwiye, ikukuthandizani. Ikutanthauza kuti m'kabokosi muli chinthu chomwe si nambala: mwina zilembo Dr kapena Cr zomatirira kumapeto, mwina kampata kosaoneka kochokera mu PDF. Choopsa ndi chakuti SUM siidandaula, imangodumpha kabokosi kotero mwakachetechete, zophatikiza n'kuchepa. Chizindikiro chake n'chosavuta: nambala yeniyeni imatsamira kumanja kwa kabokosi, yomwe Excel ikuiyesa mawu imatsamira kumanzere. Zilembo zichotseni ndi Find and Replace, mutaonetsetsa kaye kuti ya Dr ili ku Debit, ya Cr ili ku Credit. Kampata kosaoneka ndi mipatuliro zimachoka ndi iyi:

```
=VALUE("0"&TRIM(SUBSTITUTE(SUBSTITUTE(C3,",",""),CHAR(160),"")))
```

Masiku, komwe balansi siingakuthandizeni

Apa ndi pomwe pamagwa ngakhale anthu osamala, chifukwa masamu onse amakhala akugwirizana. Ku Malawi timalemba tsiku, mwezi, chaka. Ku America amayamba ndi mwezi. Malaputopu ambiri omwe timagula anakonzedwa mwa chi America ndipo palibe anasinthapo. Ndiye Excel ikaona 05/03/2025 imawerenga kuti 3 Meyi. 11/03/2025 imasanduka 3 Novembala. 03/03/2025 imapulumuka mwamwayi. Koma 14/03/2025 siingakhale mwezi wa 14, ndiye Excel imangoisiya ngati mawu. Mapeto ake kolamu imodzi ili ndi masiku otembenuzidwa ndi ena omwe si masiku n'komwe, onse akuoneka ngati abwino. Mukalowetsa fayilo imeneyi, K1,900,000 yomwe kalabu inatapa kukalipira alimi mu Malichi ikapezeka mu Meyi, lipoti la Malichi n'kuonetsa ngati alimi sanalandire kanthu.

Kuzindikira kwake ndi kuja kwa kutsamira: ngati masiku ofika pa 12 ali kumanja, opitirira 12 ali kumanzere, zatembenuka. Kuti mutsimikize, lembani izi pambali:

```
=COUNT(A3:A10)
=TEXT(MAX(A3:A10),"d mmm yyyy")
```

Yoyamba iyenera kupereka 8, chiwerengero cha mizere yathu, chifukwa COUNT imawerenga masiku enieni okha. Yachiwiri iyenera kupereka tsiku la mu Malichi. Pa fayilo yotembenuka, yoyamba ipereka 4, yachiwiri 3 Nov 2025.

Zikatero musayambe kukonza limodzilimodzi, mudzasiya ena. Bwererani ku fayilo yomwe Tabula inatulutsa, yomwe simunaisevepo, muilowetsenso bwino. Osaidina kawiri kuti itseguke yokha mu Excel, chifukwa ndi nthawi imeneyo pomwe Excel imaganiza m'malo mwanu. Tsegulani Excel yopanda kanthu, mupite pa Data, musankhe From Text kapena From Text/CSV. Pa Excel yakale, pa sitepe yachitatu dinani kolamu ya masiku musankhe Date: DMY. Pa LibreOffice Calc, yomwe ndi yaulere, windo lolowetsera limatuluka lokha, ndipo pa Column type mumasankha Date (DMY). Kuti vutoli lisamabwerere mwezi ndi mwezi, sinthani Regional format ya Windows ikhale English (United Kingdom), yomwe imalemba masiku ngati ife.

Masitetimenti ena amakhala ndi masiku awiri pa mzere, lomwe ndalama inalembedwa ndi lina lotchedwa Value Date. Pulogalamu ikufuna limodzi. Tengani lomwe banki yasanjira mizere ndi balansi, ndipo miyezi yonse muzitenga lomwelo, apo ayi ndalama za kumapeto kwa mwezi zizidumphira mwezi wina.

Kutulutsa fayilo yomaliza

Musaseve tsamba lomwe mwagwirirapo ntchito ngati CSV. Limenelo lisungeni ngati fayilo ya Excel, pamodzi ndi maziro ake, ndi umboni wanu owerengera mabuku akadzabwera. Tsegulani buku latsopano, mukopere makolamu atatu okha, Date, Description ndi Amount, kuyambira mzere 3 kutsika, pogwiritsa ntchito Paste Special, Values, kuti mupite manambala osati mafomula. Balansi yoyambira isalowe. Imeneyo imaikidwa kamodzi kokha mu pulogalamu, tsiku lomwe mukutsegula akauntiyo. Mukamailowetsa mwezi uliwonse ngati ndalama yolowa, kalabu izilemera pa kompyuta pokha.

Makolamu atatu amenewa ndi omwe QuickBooks Online imalandira, ngakhale imalolanso anayi, Credit ndi Debit payokhapayokha. Xero nayo chomwe imaumirira ndi tsiku ndi ndalama. Ine ndimakonda kolamu imodzi ya mayinasi pa chifukwa ichi: mawu oti Credit pa sitetimenti ndi a mbali ya banki, kutanthauza kuti ngongole ya banki kwa inu yakula, pomwe m'mabuku anu ndalama yomweyo yolowa kubanki imalembedwa ku Debit. Anthu ambiri amasokonezeka polumikiza makolamu, mwezi wonse n'kulowa chadodolido. Mayinasi sasokoneza munthu.

Musanaseve, dziwani kuti Excel imalemba mu CSV zomwe zikuoneka pa sikirini, osati zomwe zili mkati. Mukakopera ndi Values, masiku atha kuoneka ngati manambala, monga 45719. Musadabwe, ndi mmene Excel imasungira 3 Malichi 2025. Apatseni maonekedwe a Custom akuti dd/mm/yyyy. Kolamu ya ndalama ipatseni Number ya malo awiri a matambala, ndipo muchotse chizindikiro pa Use 1000 Separator. Mukasiya mipatuliro, Excel itsekera nambalayo m'mitengero, ndipo mapulogalamu ena amaikana. Ikakhala yopanda mitengero n'zoopsa kwambiri: 2,480,500.00 imaduka patatu, pulogalamu n'kuwerenga kuti fakitale inalipira K2. Mukabisa matambala, amatayikiratu, ndipo pakutha pa chaka mudzasaka K3 yomwe simudzaipeza. Osaikamo K kapena MWK. Sevani ngati CSV UTF-8 ngati Excel yanu ili nayo, kuti mayina okhala ndi ŵ asasanduke zinyalala.

Kenako tsegulani fayiloyo ndi Notepad, osati Excel, muone chomwe chilimo chenicheni:

```
Date,Description,Amount
03/03/2025,GREEN LEAF PAYMENT FEB,2480500.00
05/03/2025,CASH WITHDRAWAL,-1900000.00
05/03/2025,WITHDRAWAL FEE,-3500.00
11/03/2025,"TRANSFER, LORRY",-185000.00
14/03/2025,MEMBER DEPOSITS,96000.00
21/03/2025,FERTILISER,-640000.00
28/03/2025,"TRANSFER, LORRY",-185000.00
31/03/2025,LEDGER FEE,-6200.00
```

Onani mizere ya lole. Kufotokoza kwake kuli ndi mpatuliro mkati, ndiye kwatsekeredwa m'mitengero kuti kusaduke pawiri. Zimenezo n'zolondola, musachotse. Chomwe simukufuna kuona ndi mizere ya mipatuliro yokhayokha kumapeto, yomwe imachokera ku timabokosi tomwe munafufuta zamkati koma mzere n'kutsala. Ifufuteni mu Notepad momwemo.

Kwa inu omwe laputopu anakubweretserani achimwene a ku Joni: Windows yokonzedwa mwa ku South Africa imagwiritsa ntchito mpatuliro polekanitsa matambala, ndiye Excel posevera CSV imalekanitsa makolamu ndi chizindikiro cha ; ndipo ndalama imatuluka 2480500,00. Pulogalamu ikatsegula imaona kolamu imodzi yaitali, n'kukuuzani kuti sikupeza tsiku kapena ndalama. Mankhwala ake ndi aja a Regional format. Sinthani, mutseke Excel, muitsegulenso, museve kachiwiri.

Mukatsimikiza mu Notepad, musaitsegulenso fayiloyo mu Excel n'kuiseva. Ikatero imayambanso kuganiza: masiku atha kutembenukanso, ndipo nambala ya risiti ikakhala yokha m'kabokosi imataya ziro woyambirira. Ikapitirira manambala 15, otsalawo Excel imawasandutsa maziro, osabwereranso.

Polowetsa mu QuickBooks Online, pa gawo la zochitika za kubanki pali Upload from file. Ikufunsani akaunti, kolamu iti ndi iti, komanso kalembedwe ka masiku, pomwe musankhe dd/mm/yyyy. Imalandira mizere yosapitirira 1,000 ndi fayilo yosapitirira 350 KB nthawi imodzi, ndiye ya chaka chonse igaweni mwezi ndi mwezi. Isanamalize imaonetsa mizere yonse. Werengani kuti ndi 8, muone kuti ya fakitale ili kolowa, ya feteleza ili kotuluka.

Vuto lomaliza limabwera mwezi wachiwiri. CSV ilibe nambala yapadera yozindikiritsa mzere uliwonse ngati mmene alili mafayilo a OFX omwe mabanki ena amapereka, ndiye musadalire kuti pulogalamu idziwa yokha kuti mzere uwu unalowa kale. Mukapempha sitetimenti ya 28 Malichi mpaka 30 Epulo, K185,000 ya lole ndi K6,200 ya banki zilowa kawiri. Njira yake ndi kuona kuti balansi yoyambira ya sitetimenti yatsopano ikufanana ndi yotsekera ya yapitayo, pano 906,800.00. Ikasiyana, ndiye kuti masiku alowererana kapena pali mpata. Koma musathamangire batani la Remove Duplicates la mu Excel. Msungichuma akatapa ndalama kawiri tsiku limodzi, banki idula K3,500 kawiri, mizere iwiri yofanana tsiku, mawu ndi ndalama, ndipo yonse ndi yoona. Chomwe chimaisiyanitsa ndi kolamu ya Balance, yomwe mu CSV yomaliza mulibe. N'chifukwa chake mizere yokayikitsa muziiweruza pa fayilo ya Excel ija munasunga: mzere wobwerezedwa molakwika umabwereza ndi balansi yomwe, ndipo kolamu G imaukuwira, pomwe mizere iwiri yoona balansi yake imatsika kawiri, maziro n'kukhalabe malo awo.